Ndikuyamba ntchito ku Dar es Salaam: moni ndikapereke bwanji mu ofesi?

Thoko: Moni nonse pagulu pano. Mwezi wamawa ndikukayamba ntchito ku Dar es Salaam, pakampani ina yochotsa katundu padoko, mbali ya zowerengera ndalama. Ntchito yeniyeniyo sikundiopsa ayi. Chimene chikundisowetsa tulo ndi m'mawa wa tsiku loyamba: ndikafika pageti ndikanene chiyani, ndipo kwa ndani? Ndili ndi zaka 28. Amene akakhale bwana wanga tinayankhulana pafoni, ndipo mawu ake akumveka ngati wamsinkhu wanga, mwinanso wamng'ono kwa ine. Chiswahili ndikudziwa chongogwiragwira. Ndamva za shikamoo, moni wopereka kwa akuluakulu uja, koma wina wandiuza kuti masiku ano ndi za ana asukulu. Amene munakhalako kumeneko ndithandizeni.

Jeke: Achemwali, musadzivute. Ine ndagwirako ntchito ku Nairobi, palibe tsiku ndinanenapo shikamoo. Ukalowa umangoti "mambo", iwo amati "poa", nkhani yatha. Mu ofesi anthu amayankhula Chingerezi, ndipo bwana timamutchula dzina lake loyamba. Kuchulutsa ulemu kumangokuonetsani ngati munthu wamantha.

Bambo a Tadala: Achimwene a Jeke, zimene mwanenazo ndi zoona za ku Nairobi, koma musamuperekeze nazo mwanayu ku Dar. Chinenero ndi chimodzi, koma mizinda iwiriyi siyendera moni umodzi. Ine ndinakhala zaka zambiri ku Dar pa ntchito ya zamtengatenga, ndipo anthu a kumeneko amadziwa msanga munthu amene Chiswahili chake anachitolera ku Kenya. Chimene amamudziwira ndi kufupika kwa moni ndi kapemphedwe ka zinthu. "Mambo" ndi moni weniweni ndithu, koma ndi wa anthu amsinkhu umodzi amene azolowerana. Mukauponya kwa mayi wa zaka makumi asanu amene amasunga mafayilo, adzakuyankhani "poa" mongokuchotsani, kenako fayilo yanu idzayamba kuchedwa kupezeka.

Thoko, tiyeni tiyende nawo m'mawa umenewo kuyambira pageti.

Munthu woyamba kukumana naye ndi mlonda. Muyang'aneni nkhope. Ngati ndi bambo woti angakubaleni, imani, musapereke moni mukuyenda, ndipo nenani "shikamoo mzee". Adzayankha "marahaba", ndipo kawirikawiri adzawonjeza "hujambo?", inu n'kuti "sijambo". Mukatero ndi pamene munganene chimene mwabwerera. Ngati mlondayo ndi mnyamata, "habari za asubuhi, kaka", kuti mwadzuka bwanji achimwene, ndi wokwanira, ndipo iye adzati "nzuri" kapena "salama". Chimodzimodzi mtsikana wa polandirira alendo, kungoti iyeyo ndi "dada", kutanthauza achemwali.

Chofunika kugwira apa ndi chakuti shikamoo amayendera zaka, osati udindo. Wamng'ono ndiye amayamba, wamkulu ndiye amayankha. Ndaonapo manijala wachinyamata, wovala tayi, akutsika galimoto n'kupereka shikamoo kwa dalaivala wake wa imvi, ndipo palibe amene anadabwa. Ndiye bwana wanu ngati ali wamsinkhu wanu, shikamoo si wake. Iyeyo ndi "habari za asubuhi, mkuu", kapena "bosi" ngati mwamva anzanu akutero. Amene angayembekezere shikamoo wanu mwina ndi mayi wokolopa m'khonde, amene pa ndandanda wa malipiro ali pansi penipeni.

Thoko: Zikomo kwambiri bambo. Nanga ndikakhala kuti sindikudziwa ngati munthuyo ndi wamkulu mokwanira? Pali anthu ena oti ukawaona sungadziwe ngati ali ndi zaka 35 kapena 45.

Bambo a Tadala: Pamenepo ndiye pali minga. Langizo limene anthu amakonda kupereka ndi lakuti ukakayika yambira pamwamba, eni ake adzakutsitsa. Pa zinthu zambiri limagwira, koma pa shikamoo lili ndi malire, chifukwa moni umenewu umamuuza munthu kuti mwamuona kuti ndi wachikulire. Amayi ambiri a m'tauni amene akuposani ndi zaka zisanu kapena khumi sakondwa nawo. Wina adzaseka n'kunena kuti "unanizeesha", kuti mukumukalambitsa, ndipo ngakhale akuseka dziwani kuti wanena zoona zake.

Njira yodziwira ndi kumvetsera yankho. Akayankha "marahaba" momasuka, pitirizani tsiku lililonse, ndipo musadzasiye pakati, chifukwa kusiya kumamveka ngati mwayamba mwano. Akazemba, n'kuyankha "salama, za kwako?" kapena kungoti "asante, habari yako", wakuuzani mwaulemu kuti sakufuna. Mawa lake mupatseni "habari za asubuhi, dada" basi. Ine ndinkatsata izi: amene ndikuona kuti angakhale kholo langa, shikamoo mosakayika. Amene angakhale mkulu wanga wobadwa naye, "habari" ndi dzina laulemu. Amene ali pakatikati, ndinkadikira kaye ndimve chimene anzanga amsinkhu wanga akumupatsa. Kudikira tsiku limodzi sikulakwira munthu, bola "habari za asubuhi" mwanena.

Mavuto: Chachikulu mukavale bwino ndipo mutenge makalata anu onse a sukulu, enieni osati mafotokope. Akakufunsani chifukwa chimene munasiyira ntchito yakale musanyoze abwana akale. Komanso za chilolezo chogwirira ntchito mwakonza?

Thoko: A Mavuto, ntchito ndinaipeza kale, mafunso anatha. Za chilolezo akuyendetsa ndi akampani. Ndikufunsa za moni ndi kakhalidwe mu ofesi.

Mavuto: Ohoo, pepani, ndinawerenga mothamanga. Komabe za kuvalazo zikhale.

Nangondo: Ine Dar sindikuidziwa, koma ndiloleni ndiikepo zanga, mwina zithandiza pa kaganizidwe. Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba mumzinda wina ku France. Kuno moni ndi liwu limodzi, "bonjour", koma lili ndi malamulo ake amene palibe amakuuza. Loyamba, sungayambe chilichonse usanalinene. Ukangofika pa munthu n'kufunsa kuti makiyi ali kuti, amakuyang'ana n'kunena "bonjour" mokoka, kukukumbutsa kuti wadumpha. Lachiwiri ndi limene linandidabwitsa: munthu mmodzi umamupatsa bonjour kamodzi patsiku. Mukakumananso m'khonde 11 koloko n'kubwereza, amaona ngati waiwala kuti munaonana kale, ngati m'mawa muja sunamuone n'komwe. Kachiwiriko umangomwetulira, kapena kunena "rebonjour" mwanthabwala.

Ndiye chimene ndinaphunzira n'chakuti kuloweza mawu a moni ndi gawo laling'ono. Mafunso enieni ndi akuti amayamba ndani, kangati patsiku, ndipo moniwo utalike bwanji usanalowe mu nkhani. Zimenezi m'buku la chinenero simupezamo. Ine ndikanakhala Thoko, masiku oyambawo ndikanamafika msanga, n'kukhala poti ndizitha kuona chitseko, ndizionera mmene aliyense akulowera. Kodi akuzungulira desiki iliyonse kapena akuponya moni umodzi kwa onse? Akugwirana chanza? Akafika kwa bwana mawu akusintha? Pakutha kwa sabata umakhala waona zambiri kuposa zimene ungafunse.

Bambo a Tadala: Mayi Nangondo mwalasa. Ndipo pa funso la kangati, ku Dar ndi mosemphana ndi kwanuko. Kumeneko moni satha. M'mawa "habari za asubuhi", mukakumana masana "za mchana" kapena "za saa hizi", mukapeza munthu ali jijirijijiri pa ntchito yake mumati "pole na kazi", iye n'kuti "asante". Munthu amene munamupatsa moni 8 koloko mukamudutsa 2 koloko masana muli chete, adzaganiza kuti mwakwiya naye.

Liwu la "pole" limeneli muligwire bwino, Thoko, chifukwa mudzalimva kuposa ena onse. Munthu akapunthwa, akadwala, akafika mochedwa chifukwa cha mzere wa magalimoto pa msewu wa Morogoro, akabwera ku ulendo, akaferedwa, onsewo ndi "pole". Sikuti mukuvomera kuti mwalakwa ndinu, mukungosonyeza kuti mwaona kuvutika kwake. Tsiku loyamba adzakuuzani "pole na safari", inu muyankhe "asante". Mukafuna kupepesa pa cholakwa chanu, kapena kudula munthu mawu, liwu lake ndi "samahani". Alendo ambiri amasokoneza awiriwa.

Za kutalika kwa moni, taonani chitsanzo. Tinene kuti mukufuna fayilo ya kontena ina kwa bambo wa ku ofesi ya zolembera, wa zaka za m'ma 50, ndipo bwana akuidikira. Chitseko chake n'chotsegula, komabe mumaima pakhomo n'kunena "hodi". Iye adzati "karibu". Mukalowa, "shikamoo", "marahaba". Kenako funso limodzi kapena awiri, "habari za kazi?", "za nyumbani?", ndipo yankho nthawi zonse ndi labwino, "nzuri" kapena "salama", ngakhale kunyumba kutakhala mavuto. Za mavutozo zimabwera pambuyo ngati mwazolowerana. Mukatero ndiye mumapempha, ndipo mumayamba ndi "naomba": "naomba faili ya kontena fulani". Musanene "nipe", kuti ndipatse, kapena "nataka", kuti ndikufuna. Ku Nairobi "nipe" sadabwa naye, koma ku Dar amamveka ngati mukulamula wantchito wa pakhomo panu. Ngakhale m'sitolo, munthu wogula ndi ndalama zake amati "naomba". Polandira fayiloyo gwiritsani dzanja lamanja, kapena onse awiri, n'kuti "asante". Zonsezi sizikwana mphindi imodzi. Amene amadumpha kuti apulumutse mphindi imeneyo amadzaitaya kakhumi podikira.

Jeke: Koma bambo, zonsezi tsiku lililonse? Kampani za masiku ano zili ndi achinyamata ophunzira kunja, amatumizirana mauthenga pakompyuta, alibe nthawi ya hodi. Ine ndikuona ngati mukufotokoza ofesi ya boma ya kalekale. Komanso shikamoo ameneyu ndinamva kuti anachokera ku ukapolo, akuti tanthauzo lake ndi "ndagwira mapazi anu". Ine sindinganene zimenezo kwa munthu.

Bambo a Tadala: Pa mfundo yoyamba muli ndi mbali. Kampani imene yadzaza achinyamata, kapena ya eni akunja, moni umafupika, ndipo mayina oyamba amamveka. Koma Thoko akupita ku kampani ya zapadoko. Ntchito imeneyo sithera mu ofesi yoziziritsidwa. Adzakumana ndi madalaivala a mathiraki, akalaliki othamanga ndi mapepala, alonda, ogwira ntchito za msonkho. Ngakhale mkati mwa kampani yamakono, achinyamata omwewo amene amatchulana mayina oyamba, akatuluka m'khonde n'kukumana ndi mayi wophika tiyi amasintha n'kupereka shikamoo. Muzionetsetsa, ofesi imodzi imakhala ndi miyambo iwiri.

Za mapazizo, inde, amatero za chiyambi chake, ndipo alipo Atanzania ena amene salikonda liwuli pa chifukwa chomwecho. Koma mwana akamauza agogo ake shikamoo m'mawa saganiza za ukapolo. Mlendo amene sakufuna kulinena angathe kukhala ndi "habari za asubuhi, mzee", ndipo ambiri adzamukhululukira poti ndi mlendo. Kungoti ataya kanthu kena. Nkhope ya mkulu imasintha mlendo akamupatsa shikamoo, ndipo kuyambira tsiku limenelo amayamba kukuphunzitsa mawu ena mwa kufuna kwake.

Abiti Saidi: Ndiwonjezeko za chanza, poti palibe wazikhudza. Dar ndi mzinda wa m'mbali mwa nyanja, Asilamu ndi ambiri, ndipo mu ofesi imodzi mudzapeza anthu osiyana kwambiri pa nkhani imeneyi. Abambo ena opemphera sagwira dzanja la mkazi amene si wachibale, ndipo amayi ena sapereka dzanja kwa mwamuna. Ena ambiri amagwirana bwinobwino. Simungadziwe ndi chovala chokha, chifukwa ndikudziwa amayi ofunda kumutu amene amapereka chanza, ndi abambo a suti amene sapereka.

Ndiye inu Thoko, kwa mwamuna amene simukumudziwa, perekani moni wapakamwa kaye, manja ali phee, mumupatse kamphindi. Akatambasula dzanja, landirani. Akaika dzanja lake lamanja pachifuwa n'kuweramitsa mutu pang'ono, chitani chimodzimodzi, moni wakwana pamenepo. Zikachitika kuti mwatambasula kale iye osalandira, musachite manyazi kapena kukwiya, ingobwezani dzanjalo pachifuwa panu mukumwetulira. Sanakunyozeni. Mwinanso wangotawasa kumene, ndiko kusamba kokonzekera pemphero, akupita kukaswali.

Wina akakupatsani "assalamu alaykum", yankho ndi "wa alaykum salaam", ndipo simuyenera kukhala Msilamu kuti muyankhe. Koma musamayambe ndinu kwa aliyense amene mwamuganizira kuti ndi Msilamu, zimaoneka ngati mukusankha anthu ndi maso. "Habari" ndi wa aliyense. Lachisanu masana musaike msonkhano kapena kuyembekezera siginecha cha m'ma 1 koloko, anthu ena amakhala ali kumzikiti. M'mwezi wa Ramadani palibe adzakuletseni kudya, koma kukadyera kumbali m'malo motsegula chakudya padesiki pafupi ndi munthu wosala ndi ulemu umene amauona ndi kuukumbukira.

Nangondo: Za kudikira dzanjazo zimagwiranso kuno, ngakhale chifukwa chake ndi china. Kuno vuto ndi kupsompsonana m'masaya, kumene anzako ena apantchito amachita ena ayi, ndipo chiwerengero chake chimasiyana ndi dera. Ine ndimangoima, mwini mzinda ayambe ndiye.

Thoko: Abiti Saidi, zikomo, zimenezo sindikanaziganiza. Funso lina: m'Chiswahili ndikamayankhula ndi munthu wamkulu ndinene "wewe"? Pakamwa panga pakukana, zikumveka ngati ndikumuti iwe.

Bambo a Tadala: Nenani "wewe" mtima uli m'malo. M'Chiswahili cha tsiku ndi tsiku munthu mmodzi ndi mmodzi, kaya ndi nduna. Mukamuchulukitsa n'kunena "nyinyi" kapena "hamjambo", adzayankha za iye ndi a kunyumba kwake, kapena adzacheuka kuona amene mwabwera naye. Ulemu umene mukuusowa pamenepowo iwo amauika m'dzina loitanira: mzee, mama, baba, dada, kaka, mkuu. Ndiye chizolowezi choti muphunzire n'chakuti moni usamathe wopanda dzina loterolo kumapeto. Mudzamvanso amayi ena akuitanidwa ndi dzina la mwana wawo, mama wakuti. Limenelo musaliyambe nokha, dikirani mumve kuti mu ofesimo amawaitana choncho, popeza ena pantchito amafuna dzina lawo. Pa makalata ndi pamisonkhano mudzakumana ndi "ndugu", kutanthauza m'bale, limene linazika mizu nthawi ya Mwalimu Nyerere ndipo limagwira kwa mwamuna ndi mkazi yemwe. Koma m'khonde simungamaitane nalo munthu m'mawa uliwonse, limamveka ngati mukutsegulira msonkhano.

Mavuto: Ine pondilola ndibwereremo ndi chinthu chimene ndikuchidziwa. Mlamu wanga amayendetsa thiraki njira imeneyo, ndipo amati mawotchi a kumeneko ndi osokonekera, akati 3 koloko ndiye kuti 9 koloko. Zoona zimenezi?

Abiti Saidi: Mawotchi ali bwinobwino, a Mavuto, chosiyana ndi kawerengedwe pakamwa. M'Chiswahili maola amayambira kutuluka kwa dzuwa. 7 koloko m'mawa ndi "saa moja asubuhi", ola loyamba. Ndiye 9 koloko ndi "saa tatu", 12 koloko masana ndi "saa sita", 2 koloko masana ndi "saa nane". Kusiyana ndi maola 6 nthawi zonse. Pa wotchi ya mivi ingoyang'anani nambala imene yayang'anizana ndi imene mwauzidwayo: 3 amayang'anizana ndi 9, 4 ndi 10.

Ndipo nkhaniyi ndi ya ulemu ndithu, chifukwa ndi mmene mlendo amaphonyera msonkhano wake woyamba. Choopsa si pamene akuyankhula Chiswahili, poti pamenepo umakhala tcheru. Choopsa ndi pamene munthu akukuyankhula Chingerezi koma mutu wake ukuwerenga Chiswahili, n'kukuuza kuti tikumane 4 koloko akutanthauza 10 koloko m'mawa. Thoko, nthawi iliyonse imene mwapatsidwa pakamwa muibwereze ndi gawo la tsiku, "saa nne asubuhi?", kapena pemphani akulembereni mu uthenga. Palibe amakhumudwa ndi funso limenelo. Paja safunsa anadya phula.

Jeke: Chabwino, ndagonja pa za Dar. Koma ndiikepo chimodzi chimene sindisintha: musakayese kukhala Mtanzania sabata yoyamba. Ndinaona mnyamata wina wochokera kunja atafika ku ofesi kwathu ndi mawu a mumsewu amene analoweza pa intaneti, aliyense akumuponyera, mpaka anthu anayamba kumutchula dzina la mawu omwewo. Moni wamba woyera ndi wabwino kuposa wa anyamata a pa siteji ya basi.

Bambo a Tadala: Apa ndiye tagwirizana. Achinyamata a mu ofesi adzakuphunzitsani okha "mambo vipi", "shwari", "mzima", ndipo mudzadziwa kuti nthawi yakwana akadzayamba kukupatsani iwo. Kutsika kumayamba ndi eni ake. Komanso "jambo" yekhayekha musiyeni, ameneyo ndi wa alendo odzaona nyama, mukamunena adzayamba kukuyankhani Chingerezi.

Chinanso chaching'ono. Mukapeza anzanu akudya adzati "karibu". Sikuti akukakamizani, ndipo "asante" ndi yankho lokwanira ngati simukufuna. Koma inunso mukamadya munthu n'kulowa, nenani "karibu", ngakhale chakudyacho chitakhala chochepa chotani. Kudya chete munthu ali pompo kumaoneka moipa kuposa mmene mungaganizire. Ndipo madzulo musazembe, tsanzikani amene muli nawo chipinda chimodzi, "tutaonana kesho", ndi mlonda yemwe potuluka.

Thoko: Ndabweranso, ndatha sabata yoyamba. Zambiri zayenda monga munanenera. Mlonda wa pageti ndi bambo wachikulire, ndinamupatsa shikamoo Lolemba, pofika Lachitatu anali atayamba kundiphunzitsa mawu atsopano m'mawa uliwonse n'kumandifunsa a dzulo. Mayi wina wa ku ofesi ya malipiro anandiyankha "salama, mdogo wangu", kunditchula mng'ono wake, m'malo mwa marahaba, ndiye ndasintha, pano ndi dada. Bwana ndi wamng'onodi kwa ine, aliyense amamuti bosi, nkhani yake inali yosavuta.

Koma pali chimene simunandikonzekeretse. Pansi panga andipatsa kalaliki, bambo wa zaka pafupifupi 60, amene wakhala pakampanipo kuyambira kalekale. M'mawa ndimamupatsa shikamoo, iye marahaba, zili bwino. Vuto ndi lakuti ola lomwelo ndimayenera kumubwezera mapepala amene walakwitsa kuti akonze. Lachinayi nditamuonetsa kuti ndalama za invoisi ina sizikugwirizana ndi risiti, anandiyankha mokoma kuti "mwanangu, hapa tunafanya hivi siku zote", kuti kuno timachita chonchi masiku onse, ndipo sanakonze. Mnzanga wina wa mu ofesimo akuti ndinalakwitsa kuyamba ndi shikamoo, ndinadziika ndekha pa mwana. Ndisiye?

Jeke: Mwaona? N'zimene ndinkanena zija. Ulemu wambiri umakudya wekha. Siyani, muzingoti habari basi, adziwe kuti pali bwana.

Bambo a Tadala: Ayi, musasiye. Mukasiya sabata yachiwiri, iye ndi ofesi yonse adzamva kuti mwalengeza nkhondo, ndipo munthu amene wakhala pamalo zaka zonsezo ali ndi anthu ambiri kuposa inu. Shikamoo si amene wabweretsa vutoli. Bamboyo akanakuyesani ngakhale mukanamupatsa moni wotani, chifukwa ndinu wamng'ono, ndinu mkazi, ndinu mlendo, ndipo mwakhala pampando umene mwina ankauyembekezera.

Chimene ndinaona chikugwira ndi kulekanitsa nthawi ziwirizi. Moni ukhale wa m'mawa, wathunthu, ndi kufunsa za kunyumba komwe. Za mapepala zibwere pambuyo, pa nthawi yake, muli awiri chitseko chotseka, osati pamaso pa achinyamata. Yambani ndi kumufunsa kuti akufotokozereni mmene amachitira ndi chifukwa chake, ndipo mumvetsere zenizeni, chifukwa nthawi zina akalaliki akalewa amadziwa kanthu ka kasitomala kamene sikali m'mabuku. Akatha, nenani ndi "naomba" yemweyo, koma ndi tsiku ndi ola: naomba ikonzedwe isanakwane saa nane, chifukwa ikupita kwa bosi ndi siginecha yanga. "Naomba" wa munthu waudindo aliyense amadziwa kuti si pempho loti angakane. Akapanda kukonza, mubwereze polemba, mwaulemu womwewo.

Abiti Saidi: Ine ndikusiyana nanu pang'ono, bambo. Shikamoo apitirize, inde. Koma "mwanangu" ameneyo ndi amene sindikumukonda pa nkhani ya ntchito. M'mawa pa moni alibe vuto, ndi chikondi. Koma akamutulutsa pamene akukana kukonza invoisi, akumugwiritsa ntchito ngati chishango. Ine ndikanamuyankha ndikumwetulira kuti pa moni ndine mwana wanu, koma pa fayilo iyi ndine amene ndikafunsidwe. Kamodzi kokha, mofatsa.

Bambo a Tadala: Mawu amenewo ndi abwino, koma kwa munthu amene watha sabata imodzi, ndipo Chiswahili chake chikadali chopunduka, ndikuopa kuti angatuluke mokhadzula kuposa mmene akufunira. Ine ndikanadikira mwezi.

Abiti Saidi: Mwezi ukatha chizolowezi chakhazikika kale. Anene m'Chingerezi ngati Chiswahili chikuvuta.

Nangondo: Thoko, mu ofesimo mulibe mayi wina amene ali ndi udindo pa abambo achikulire? Uja wa ku malipiro amene anakutchulani mdogo wangu, amawayankhula bwanji akalaliki ake akalakwitsa? Ndikanayamba ndakhala pafupi ndi ameneyo tsiku limodzi.

Thoko: Alipo awiri pansi pake, mmodzi ndi wamkulu kwa iye. Lolemba ndili ndi mafayilo oti ndikasiye kwa iye, ndikachedwerako dala. Invoisi ija ndaikonza ndekha poti imayenera kutuluka Lachisanu, koma Lachiwiri kukubwera ina ya kasitomala yemweyo, ndipo imeneyo sindikonza ine.